Ndine wamkulu kale koma sindinalembetsedwe nditabadwa: setifiketi ya kubadwa ndingaipeze bwanji?

"Ndinabadwira pakhomo, kumudzi kwathu kwa T/A Chadza, ndipo makolo sanandilembetse kulikonse. Pano ndimakhala ku Area 25. Ndapeza mwayi wa sukulu kunja, koma akufuna setifiketi ya kubadwa. Mayi anamwalira, ndipo bambo sitidziwa kumene ali chithereni ukwati wawo ndi mayi. Chiphaso cha unzika ndili nacho, koma chimati ndinabadwa pa 1 Januwale 1990, chifukwa ndi zimene ndinangonena pa kalembera. Khadi langa la ubatizo likuti 20 Epulo 1989. Kodi zingatheke?" Bambo wina wa ku Area 25, Lilongwe

Zitheka, bambo, ndipo musadzione ngati wotsalira. Anthu ambiri a msinkhu wanu amene mumakwera nawo minibasi ya ku 25 m'mawa uliwonse alibenso pepala limeneli, ndipo makolo awo sanaphwanye lamulo lililonse. Lamulo lakale la mu 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a anthu osakhala Aafirika okha. Kwa ife eni dziko zinali zofuna mwini, ndipo wofunayo ankayenera kulimbana ndi ofesi ya Registrar General ku Blantyre. Mayi wa kwa Chadza amene wachilira pakhomo mothandizidwa ndi azamba sakanaganizako n'komwe za ulendo wotero. Zinthu zinasintha ndi lamulo la kalembera wa dziko la mu 2010, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2015. Kuyambira pamenepo mwana aliyense wobadwira m'Malawi ayenera kulembetsedwa pasanathe milungu isanu ndi umodzi, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa National Registration Bureau, amene tonse timangoti a NRB, omwewo amene anakupatsani chiphaso cha unzika. Amene milungu isanu ndi umodziyo inamudutsa, kaya ndi miyezi itatu kaya ndi zaka makumi atatu, amalembetsa mochedwa. Khomo lake ndi lomwelo, kungoti wochedwayo amafunika umboni wochulukirapo ndipo pamakhala kandalama kolipira.

Koma kwa inu, kupita ku ofesi si chinthu choyamba. Choyamba ndi masiku awiri mwatchulawo.

Setifiketi ya kubadwa si pepala limene amangolisindikiza potengera zimene mwanena pa windo. Ndi chithunzi cha zimene zalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo kaundula ameneyu ali kale ndi dzina lanu kuchokera pa kalembera wa ziphaso za unzika. Mukabwera ndi fomu yonena kuti munabadwa mu Epulo 1989, kalaliki nkuona pa chiphaso chanu kuti Januwale 1990, ntchito iima pomwepo, chifukwa bungwe limodzi silingakupatseni mapepala awiri otsutsana. Mayesero amene amagwera anthu ambiri pamenepa ndi oti angolemba tsiku la pa chiphaso kuti zinthu ziyende msanga. Ine sindingakulangizeni zimenezo, pa zifukwa ziwiri. Pa fomu mumasaina kuti zimene mwalembazo ndi zoona, ndipo kupereka uthenga wabodza pa kalembera mukudziwa ndi mlandu pa lamulo lomwelo. Chachiwiri n'chakuti amene akufuna setifiketiyi ndi anthu akunja. Pa setifiketi pamaonekanso tsiku limene munalembetsedwa, choncho adzaona kuti munthu wobadwa cha m'ma 1989 walembetsedwa posachedwapa, ndipo maofesi a akazembe kawirikawiri akaona zotere amapempha umboni wina wakale woikira kumbuyo. Umboni wakale umene muli nawo ndi khadi la ubatizo lija. Likadzatsutsana ndi setifiketi yanu yatsopano, mudzakhala mutadzitchera nokha msampha.

Tiyeni tsono tione kuti mwa masiku awiriwa loona ndi liti, osati mwa kukonda koma mwa umboni. Tsiku la 1 Januwale ndi lokayikitsa kale palokha. Ndi tsiku limene anthu ambiri osadziwa tsiku lawo lenileni lobadwa amangolitola, ndipo aliyense wozolowera mapepala amadziwa zimenezi. Khadi la ubatizo ndi nkhani ina. Yang'anani pamene palembedwa tsiku limene munabatizidwa, osati lobadwa lokha. Ngati munabatizidwa muli khanda, tinene mu Julayi 1989, nkhani yatha, pakuti munthu sabatizidwa asanabadwe, ndipo 1990 siingakhale yoona. Ngati munabatizidwa muli wamkulu, mwina muli ku sekondale mutatsiriza kalasi, khadilo mphamvu zake n'zochepa, chifukwa tsiku lobadwalo munachita kuwauza ndinu nomwe. Lamulo la mumtima limene ndimatsata poyeza mapepala otere ndi lakuti pepala lolembedwa pafupi ndi nthawi yobadwa, ndi munthu amene analibe phindu lililonse ponama, limaposa mapepala khumi olembedwa dzana.

Musadalire khadi lokha, makamaka ngati lang'ambika kapena inki yafufutika. Pitani ku parishi kapena ku mpingo kumene munabatizidwa mukapemphe kuti akutsegulireni buku la maubatizo. Mipingo ikuluikulu, monga Akatolika ndi a CCAP, imasunga mabuku amenewa kwa zaka zambiri, ndipo mumalembedwa dzina la mwana, tsiku lobadwa, tsiku la ubatizo ndi mayina a makolo. Pemphani kalata yosainidwa ndi abambo mfumu kapena abusa, yokhala ndi chidindo, yonena zimene zili m'bukumo. Mukhala mwapeza zinthu ziwiri pa ulendo umodzi: umboni wa tsiku, ndi umboni wa mayina a mayi ndi bambo anu monga analembedwera nthawi imeneyo. Mufunsenso ngati ukwati wa makolo anu unadalitsidwa pa mpingo pomwepo, chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku.

Mapepala ena othandiza ndi khadi la sikelo, ngati azakhali kapena agogo analisunga pansi pa sutikesi, ndi kalata yochokera ku sukulu ya pulayimale kumene munayambira sitandade 1. Ya ku sukuluyi muisamale nayo. M'zaka zimenezo ana ambiri ankalembedwa zaka zongoyerekeza, ena kuchepetsedwa dala chifukwa anayamba sukulu mochedwa. Ngati buku la kusukulu likunena chaka chachitatu chosiyana ndi ziwiri zija, musalitenge kukasokoneza nalo nkhani imene ubatizo waimasula kale. Akanakhala kuti munabadwira ku chipatala, monga ku Nkhoma, ku Likuni kapena ku Bwaila kumene nthawi imeneyo kunkatchedwa ku Bottom, ndikanati mukafunse buku la ku matenite, ngakhale kuti mabuku a zaka zimenezo sapezeka nthawi zonse. Inu munabadwira pakhomo, ndiye njira yanu yadzera kwa anthu ndi kwa amfumu.

Mayi anu kulibe, koma kwathu kuno mwana ndi wa mbumba, ndipo mbumba ili ndi mwini wake. Atsibweni anu, kapena mayi anu aakulu kapena aang'ono, ndiwo mboni zanu zenizeni. Sankhani munthu amene anali wamkulu kale pamene inu munkabadwa, amene ali ndi chiphaso chake cha unzika, ndiponso amene angathe kuyankha mafunso osasokonezeka. Mkulu wanu amene amakuposani ndi zaka zitatu si mboni ya kubadwa kwanu, ngakhale amakukondani bwanji. Mukakhala nawo pansi, musawauze tsiku kuti aloweze. Afunseni zimene akukumbuka. Akuluakulu akumudzi sakumbukira manambala, amakumbukira nyengo ndi zochitika. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera ku Malawi kumayambiriro kwa Meyi 1989. Ngati mayi anu aang'ono anganene okha kuti, "Mwanayu anali asanathe mwezi pamene anthu ankapita kukaona Papa, chimanga chili pafupi kukololedwa," ndiye kuti mawu awo agwirizana ndi 20 Epulo ya pa khadi popanda wowaphunzitsa. Kwa ena owerenga amene alibe pepala lililonse, njira yomweyi ndiyo imathandiza kupeza chaka: chilala cha mu 1992, riferendamu ya mu Juni 1993, chisankho cha mu Meyi 1994, maliro a Kamuzu kumapeto kwa 1997. Chaka chikapezeka motere, chigwireni, ndipo musadzachisinthenso pa pepala lina lililonse.

Zimene wachibaleyo akudziwa zikhoza kuikidwa pa afidaviti, kalata imene munthu amalumbira pamaso pa majisitireti kapena loya. Pano pali chisokonezo chimene ndimakumana nacho kawirikawiri. Kwa zaka zambiri afidaviti ya kubadwa ndiyo inkagwira ntchito m'malo mwa setifiketi, pa pasipoti ndi pofunsira ntchito, mwakuti anthu ena mpaka lero amaiyesa setifiketi. Si setifiketi ayi. Ndi umboni chabe woti mupite nawo kwa olembetsa, ndipo sukulu yakunja imene yakupemphani setifiketi ikhoza kuikana. Komanso wolumbira akhale wachibale wamkuluyo, osati inu. Munthu sangalumbire kuti anaona kubadwa kwake komwe.

Mukasonkhanitsa zimenezi, pitani ku ofesi ya kalembera ya boma la Lilongwe, kwa DC. Pa lamuloli DC ndiye mlembi wamkulu wa kalembera m'boma lake, ndipo a NRB ali ndi ogwira ntchito awo kumeneko. Mwayi wanu ndi wakuti kwa Chadza ndi ku Area 25 ndi boma limodzi, choncho simudzavutika ndi maulendo a kutali ngati mnzanu wobadwira ku Nsanje amene akukhala ku Kawale. Ulendo woyambawu nenani poyera kuti muli ndi nkhani ziwiri: kukonza tsiku lobadwa pa chiphaso cha unzika, ndi kulembetsa kubadwa mochedwa. Musabise yoyambayo poyembekeza kuti saiona. Kukonza chiphaso kuli ndi fomu yake ndi malipiro ake, ndipo adzafuna umboni womwe uja wa ku mpingo ndi afidaviti, pamodzi ndi kufotokoza kwanu kuti tsiku lolakwikalo linabwera bwanji. Anthu amene amafuna kusintha zaka kuti achedwe kupuma pa ntchito kapena kuti akwanire pa mwayi wina ndi ambiri, choncho musadabwe akakufunsani mafunso okhwima. Chokuthandizani n'chakuti kusintha kwanuku kukukulitsani ndi miyezi isanu ndi itatu, si kukuchepetsani, ndipo ndi ochepa amene amanama kuti akalambe.

Fomu yolembetsera kubadwa ndi NR8. Ndi yomweyo imene amadzaza ku chipatala mwana akangobadwa, choncho musadabwe kuona kuti paliponse palembedwa za mwana. Mwanayo ndinu. Imafuna mayina anu, tsiku ndi malo obadwira, kenako za mayi, za bambo, ndi za munthu amene akupereka uthengawo. Kwa wobadwira pakhomo pamafunika chitsimikizo cha kumudzi, ndiye kuti fomuyo muyenda nayo kupita kwa nyakwawa ya mudzi umene munabadwira kuti isaine ndi kudinda. Apa ndi pamene anthu a m'tauni amalakwitsa. Amapita kwa abuloko lida a kumene akuchita lendi, poti ndi pafupi. Abuloko lida a ku 25 angachitire umboni kuti mumakhala m'dera lawo, koma za kubadwa kwanu mu 1989 sakudziwapo kanthu. Pitani kumudzi, ndipo mupite ndi atsibweni anu. Ngati munachoka muli mwana, amfumu amene alipo pano mwina sakudziwani nkhope, koma adziwa mbumba yanu ndi manda amene mayi anu anagona. Kwa mfumu sitipita ngati tikupita ku sitolo, atsibweni adziwa mwambo wake.

Podzaza fomu, samalani zinthu zitatu zimene zimaoneka zazing'ono.

Malo obadwira ndi pamene munabadwira penipeni, osati kumene mumati kwanu. Anthu amalemba mudzi wa makolo pamene anabadwira pa esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji kumene makolo ankagwira ntchito. Kwa inu ziwirizi n'zimodzi, koma mulembe dzina la mudzi monga linalili ndi monga likudziwikira pano, ngati mudziwo unagawikana, ndi T/A yake. Ndipo wowerenga amene anabadwira ku Zambia, ku Zimbabwe kapena ku Joni makolo ali pa ntchito adziwe kuti nkhani yake ndi ina: setifiketi ya kubadwa kawirikawiri imachokera ku dziko limene munthu anabadwira, ngakhale ali Mmalawi weniweni wokhala ndi chiphaso cha unzika. Kulemba mudzi wa kuno pofuna kufupikitsa njira ndi bodza lomwe lija.

Mayina ndiwo amavuta koposa, chifukwa kwathu kuno munthu mmodzi amatha kukhala ndi dzina la kubadwa, dzina la ubatizo, dzina limene anatenga atakula, dzina la bambo ndi mfunda. Ku sukulu analembedwa ndi dzina loyamba la bambo ake, pa chiphaso anaika mfunda, ku mpingo ali ndi dzina la woyera mtima limene kunyumba palibe amene amalitchula. Yalani mapepala anu onse pa tebulo, chiphaso, masetifiketi a MANEB, a ku koleji, pasipoti ngati ilipo, ndipo muone ngati mayinawo akufanana chilembo ndi chilembo komanso m'ndondomeko yake. Ngakhale "l" pamene pena pali "r", kapena "h" wosowa, kwa kalaliki wa kunja ndi anthu awiri osiyana. Mayina a pa NR8 atsate a pa chiphaso cha unzika. Ngati khadi la ubatizo lili ndi dzina lina loonjezera, afidaviti ija inene momveka kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Mayi anu muwalembe ndi dzina lawo la kwawo, limene anabadwa nalo, osati kungoti mayi uje potengera amuna awo.

Chachitatu ndi bambo anu. Funso limene lamulo limafunsa si lakuti ali kuti pano, koma ngati iwo ndi mayi anu anali pa banja pamene inu munkabadwa. Mwanena kuti ukwati unatha, kutanthauza kuti unalipo. Ukwati wa chinkhoswe ndi ukwati pamaso pa malamulo a Malawi, ngakhale panalibe mphete kapena setifiketi. Choncho dzina lawo likhoza kulembedwa, ndipo umboni wake ndi buku la ku mpingo lija, kapena ankhoswe ngati alipo amoyo, kapena amfumu. Zikanakhala kuti makolo anu sanakwatirane, dzina la bambo silikanalembedwa pongomva kwa inu kapena kwa atsibweni. Pakanafunika kuti mwini wakeyo avomereze kuti mwanayo ndi wake, kapena khoti ligamule. Popanda zimenezo mpata wa bambo umasiyidwa wopanda kanthu, ndipo setifiketiyo imagwirabe ntchito mokwanira. Ndanena izi chifukwa ndaonapo anthu akulemba dzina la agogo aamuna kapena la bambo owapeza pochita manyazi ndi mpata wopanda kanthu. Manyaziwo amatha tsiku lomwelo, koma dzina lolakwikalo limadzawadikira pa nkhani ya chuma cha masiye kapena pamene akutengana ndi abale kupita kunja. Zina za bambo anu zimene simukuzidziwa, monga nambala ya chiphaso chawo, musapeke. Auzeni a ku ofesi kuti simukudziwa.

Fomu ikadzazidwa ndi kudindidwa, ibwezeni ku ofesi ya kwa DC pamodzi ndi chiphaso chanu, mafotokope a chiphaso cha mboni yanu ndi mapepala onse aumboni. Tengani enieniwo kuti awaone, koma muwasiyire mafotokope. Khadi la ubatizo lenileni lisachoke m'manja mwanu, chifukwa likatayika mulibe lina. Ndi bwinonso kujambula fomu yonse ndi foni musanaipereke. Malipiro muperekere kwa kashiya ndipo mulandire lisiti ya boma. Pa maofesi ambiri opereka mapepala pamakhala madobadoba olonjeza kuti akutulutsirani setifiketi mawa lomwe. Choopsa chawo si ndalama zokha. Pepala limene silinadutse m'kaundula likhoza kuoneka bwino m'maso, koma ofesi ya kazembe ikafunsa kwa a NRB nkupeza kuti nambala yake kulibe, sukulu ija mwaitaya, ndipo mlandu ndi wanu, osati wa dobadoba.

Zolemba zanu amazilowetsa mu kompyuta, nkuzifufuza ngati simunalembetsedwe kale kwina, kenako zikavomerezedwa setifiketi imasindikizidwa. Pamenepa pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha si kukhala chete kunyumba. Funsani tsiku loti mudzabwerenso, lembani dzina la ofesi imene mwasiya fomu, ndipo mukabwera muzifunsa funso lenileni: fomu yanga yalowetsedwa kodi, yavomerezedwa, kapena yabwezedwa? Ikakhala kuti yabwezedwa pamakhala chifukwa, ndipo nthawi zambiri ndi chidindo chosowa, dzina losiyana ndi la pa chiphaso, kapena mpata umene sunadzazidwe. Poti inu muli ndi ntchito ziwiri zotsatizana, alembereni a sukuluwo panopa, muwauze kuti kulembetsa kubadwa kunayamba kukakamizidwa m'Malawi mu 2015, kuti mwayamba kale kulembetsa, ndipo muwatumizire lisiti ndi afidaviti kuti akudikireni. Muwafunsenso ngati setifiketiyo ikatuluka adzafuna kuti itsimikizidwe ndi ofesi ina ya boma musanaitumize, kuti musadzadzidzimuke nazo masiku atatha.

Tsiku lolandira, musaipinde n'kuika m'thumba muli chiseko. Imani pomwepo muiwerenge mzere ndi mzere: dzina lanu, 20 Epulo 1989, mudzi, T/A Chadza, dzina la mayi, dzina la bambo. Cholakwika cha kalembedwe chimakonzeka mosavuta mukachionetsa nthawi yomweyo, fomu yanu idakali pafupi. Ndipo ngati muli kale ndi pasipoti imene inatengera 1 Januwale 1990 kuchokera pa chiphaso chakale, ulendo wanu wotsatira ndi wa ku Immigration, mutanyamula chiphaso chokonzedwacho ndi setifiketi yatsopanoyo, musanapemphe viza.